Luckness ndi migula ya kwa Kanyatula

Luckness ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuyambira tsiku limene ndinakwera mapiri a ku Ntchisi kukamufunsira ukwati m'malo mwa Rodrick, mwana wa mlongo wanga. Ine ndine Vinsenti, nkhoswe ya banja lawo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinaona ndi kumva ndekha, ndipo pamene sindinaone ndinena kuti sindinaone.

Tinamutenga chitengwa, nabwera kudzakhala kwathu kwa Kanyatula, kum'mawa kwa Madisi. Mkazi wa chitengwa amakhala pa dothi la eni ake, ndipo eni akewo akatopa naye amatha kuuza ankhoswe kuti amuperekeze kwawo. Luckness amazidziwa zimenezi kuposa ine. Amaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ya pulaimale ya tsidya la mtsinje, amapita pa njinga ya mwamuna wake, ndipo m'zaka zonsezi sindinamumvepo akukweza mawu. Akamakupatsani madzi amagwada. Koma akhoza kukukanirani chinthu ali chigwadire pomwepo, ndipo mukabweranso mawa yankho lake mulipeza lomwelo. Chaka china anabweza mwana wa mkulu wa mpingo kuti abwereze kalasi. Anthu anayenda kunyumba kwake mwezi wathunthu, koma mwanayo anabwerezabe.

Mwana wake woyamba, Sharon, atalowa sekondale, Luckness analembetsa ku yunivesite maphunziro ochitira kunyumba. Pa holide amapita kukakumana ndi aphunzitsi, masiku ena onse amawerenga akaweruka ndi kutumiza ntchito yake pa foni. Anasankha phunziro la mbiri. Rodrick ankanyada nazo mpaka kutopetsa anthu pa bawo.

Ndiyenera kufotokoza za a Kalisto, chifukwa popanda iwo nkhaniyi palibe. Anali amalume athu, mlongo wawo wa mayi anga. Mu 1955 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kukumba migula, mizere ikuluikulu yopingasa phiri yoti madzi asakokolole nthaka. Okana ankawalipitsa, ena kuwazulira mbewu. Tsiku lina anthu a kwa Kanyatula anagumula migula yonse ya m'mbali mwa phiri ndi kuthamangitsa mlangizi wa zaulimi. Amesinjala a boma anabwera, namanga amuna angapo, ndipo a Kalisto anakakhala m'ndende ku Dowa. Ine ndinali ndi zaka zitatu, sindikumbukira kanthu. A Kalisto anamwalira ndili kale ndi ana, koma za migula sankazikamba, ndipo ine sindinawafunse.

Amene amazikamba ndi achimwene anga aakulu, a Elifala, mwini mbumba yathu. Ndi munthu wanthabwala, woseka mokweza, amene kale ankagula fodya m'midzi. Pa maliro, pa ukwati, ngakhale pogula mchere, dzina la a Kalisto limatuluka. Chaka chatha anasonkhanitsa mbumba kuti tiwamangire chiliza, ndipo anasankha Luckness kuti adzawerenge mbiri ya malemu pa tsikulo, pakuti ndiye wophunzira pakati pathu.

M'miyezi yomweyo ku yunivesite anawapatsa asainimenti. Aliyense asankhe chochitika chimodzi chimene olemba mbiri awiri anachilemba mosiyana, ndipo awayerekeze. Luckness anapeza kuti za migula yathu zinalembedwa kawiri: m'buku la a Msokera la m'ma 1970, ndi m'buku la mayi Chagomerana lotuluka kumapeto kwa m'ma 1990. Anabwera nawo masamba ojambulitsa. Rodrick, osawerenga n'komwe, anakauza a Elifala kuti dzina la agogo lili m'mabuku awiri.

Unali mwezi wa Meyi, tikusankha fodya m'chigafa cha a Elifala. Anamuitanitsa.

"Make Sharon, khalani apa. Tiuzeni zimene azungu akuda anzanuwo analemba za mkango wathu."

Luckness anakhala pa mphasa, nayamba ndi a Msokera, akumasulira m'Chichewa. Bukulo limati anthu a kwa Kanyatula anadzutsidwa ndi chipani cha Kongeresi, kuti kugumula migula kunali kukana ulamuliro wa atsamunda, ndipo amene anatsogolera anali Kalisto, mwamuna wa khadi la chipani. A Elifala ankamenya ntchafu ndi tsamba la fodya.

"Mwamva inu? Si ine ndanena, ndi buku. Lachiwirilo likuti bwanji?"

Luckness anayang'ana ine, kenaka anawerenga. Mayi Chagomerana anayenda m'midzi yathu kufunsa okalamba, ndipo analemba kuti amene anayamba kugumula anali amayi. Migula inkakumbidwa m'chilimwe nthaka ili gwa, amuna ambiri ali ku ntchito kunja kwa dziko, ndiye khasu linkagwera akazi. Za chipani ambiri mwa iwo sankazidziwa. Ndipo Kalisto, linatero bukulo, anagwirapo ntchito yonyamulira mlangizi zikhomo zoyezera migula, ndipo mwina anamangidwa chifukwa ndilo dzina limene a boma ankalidziwa m'mudzimo.

A Elifala anayika fodya pansi.

"Wonyamula zikhomo. Amalume anga ine. Mayi ameneyu kwawo n'kuti?"

"Sindikudziwa, amalume."

"Chabwino. Pepala lakelo yatsirani moto, mulembe za a Msokera."

"Sizingatheke. Funso likuti awiri."

"Ndiye lembani kuti winayo ndi wabodza."

"Sindinapeze kuti ndi wabodza."

A Elifala anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwa masiku onse. Anati mkazi wobwera sangakapereke mbumba ku yunivesite kuti akaidinde chidindo cha manyazi. Iwo ankaona ngati asainimenti ndi mlandu, Luckness ndi woweruza, ndipo chimene alembe chikasungidwa ku boma mpaka kalekale. Ena onse m'chigafamo ankaona chimodzimodzi. Luckness asanatuluke, a Elifala anamuuza kuti akatumiza pepala lokhala ndi zikhomo m'kati, amange katundu, ankhoswe amuperekeze ku Ntchisi.

Nkhoswe wake ndi ine. Loweruka masana ndinapita kunyumba kwake. Ndinamupeza pa khonde, masamba atawayala pa benchi, mwala pamwamba kuopa mphepo.

Sindinapite kukamunyengerera. Ine bodza ndimadana nalo, ndipo ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi.

"Make Sharon, anthu awiri akanena zosiyana pa chinthu chimodzi, wina akunama. Ndi uti?"

"Amalume, poyamba onani zimene akugwirizana. Chaka n'chimodzi. Migula inagumulidwa, onse akutero. Mlangizi anathawa, a Kalisto anamangidwa. Apo palibe mkangano. Akusiyana pa chifukwa chake, ndi pa amene anayamba."

"Ndiye pamenepo pali wabodza."

"Funso silikuti ndipeze wabodza. Likuti ndifotokoze chimene chinachititsa kuti aliyense afike pamene anafika. Anamva kwa yani, analemba liti, ndipo ankafuna kuyankha funso lanji."

Anandionetsa timalemba ting'onoting'ono tam'munsi mwa tsamba, pamene wolemba amanena kumene anatenga mawu ake. Ta a Msokera tonse tinkaloza ku Zomba, kumene amasunga mapepala akale a boma: malipoti a Bwana Disi ndi zolemba za kukhoti. Luckness anati mapepala amenewo ali ndi ubwino wake, analembedwa nthawi yomweyo, zinthu zisanaiwalike. Koma anawalemba ndi mzungu amene ankayenera kufotokozera akuluakulu ake chifukwa chimene m'dera lake mwabuka chisokonezo. Kwa iye kunali kosavuta kunena kuti andale asokoneza anthu kusiyana ndi kuvomera kuti lamulo la migula n'loipa. Ndipo khoti limalemba maina a omangidwa okha. Akazi sanamangidwe, ndiye m'mapepalamo mulibe.

"Komanso a Msokera analemba nthawi ya chipani chimodzi," anatero. "Funso lawo linali lakuti ufulu unabwera bwanji. Munthu wofunsa zimenezo amaona makadi a chipani msanga. Ndipo masiku amenewo buku lonena kuti anthu anachita okha popanda chipani likanavuta kutuluka."

"Ndiye mayiyo ndiye wolondola."

"Nayenso ali ndi pake pofooka. Anafunsa anthu patapita zaka makumi anayi. Anafika chipani chija chitangochoka m'boma, pamene ambiri sankafunanso kunena kuti anali nacho pafupi. Anafunsa akazi ambiri, amuna ochepa. Ndipo za zikhomozo anazimva kwa anthu awiri okha, a banja limodzi."

Ndinamufunsa kuti nanga iye walemba chiyani. Anati pa chifukwa chimene anthu anagumulira migula wagamula kuti mayi Chagomerana ali ndi umboni wolemera, chifukwa ngakhale lipoti limene a Msokera anagwiritsa ntchito limatchula madandaulo a kukumba m'chilimwe, kungoti iwo sanawalabadire. Pa za a Kalisto walemba kuti umboni wa mbali zonse ndi wochepa, ndipo n'zotheka kuti munthu mmodzi ananyamula zikhomo chaka china, nagula khadi chaka china.

Yankho limenelo silinandikhutitse, ndipo mpaka lero silindikhutitsa kwenikweni. Tsiku logumula migulalo linachitika mwa njira imodzi, osati ziwiri. Koma ndinayang'anayang'ana pamene mwanayo wanama, sindinapaone.

"Nanga inu amalume, a Kalisto ananyamuladi zikhomo?"

"Sindinaone."

"Ndi zomwezo ndalemba inenso."

Ndinamuuza kuti pali njira yosavuta. Asankhe nkhani ina, ya ku Blantyre kapena ya ku Karonga, yopanda m'bale wathu m'kati. Nthawi inalipo. Anati mutuwo aphunzitsi anauvomereza kale, koma ngakhale akanalola kusintha, iye sakanasintha.

"Ndikathawa iyi chifukwa ndi yathu, ndiye ndikuphunzira chiyani? Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza kuti asafufute yankho chifukwa choti mnzawo wawayang'ana moipa."

"Mukudziwa kuti akuthamangitsani?"

"Ndikudziwa. Ku Ntchisi njira ndimaidziwa."

Lolemba lotsatira ataweruka anapalasa njinga kupita ku Madisi, kumene foni imagwira bwino, natumiza asainimenti yake yonse, zikhomo zili momwemo. Pobwera sanalowe m'nyumba mwake. Anapita kwa a Elifala, nagwada pakhomo, nawauza kuti watumiza.

A Elifala anaitana mbumba Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Tinakhala pabwalo pawo, amuna pa mipando, akazi pa mphasa. Analankhula nthawi yaitali. Anati a Kalisto anagona pa simenti ya ndende kuti ana a masiku ano aziyenda ndi mafoni, ndipo malipiro ake ndi kutchedwa wonyamula zikhomo ndi mkazi amene anamulandira ndi manja awiri. Pomaliza anatembenukira kwa ine.

"Vinsenti, ndiwe unakamutenga. Ukam'tule."

"Achimwene, ndikafika kwawo andifunsa mlandu. Ndikanene kuti chiyani? Wachita chigololo? Waba? Watukwana apongozi?"

"Watukwana akufa."

"Mawu otukwanawo ndi ati? Ine ndinapita, anandiwerengera. Zikhomo sananene ndi iye, zili m'buku limene linatuluka iye ali mwana. Iye walemba kuti umboni wake ndi wochepa. Ine mlandu umene sindinauone sindinyamula. Tumani wina."

"Iwe kuyambira uli mwana ndiwe chitsa."

"Chomwecho, achimwene."

Panalibe wina womutuma, chifukwa ukwati umamasulidwa ndi amene anaumanga. Apo a Elifala anayang'ana Rodrick, namuuza kuti ngati ali mwamuna atulutse yekha katundu wa mkazi wake. Rodrick ndi munthu wofatsa, woopa mikangano, ndipo ndinkayembekezera kuti angoweramitsa mutu. Anakanda m'khosi, nati:

"Amalume, akapita ndiye kuti inenso ndikupita. Ndikakhala mkamwini ku Ntchisi."

Akazi ena anabisa nkhope m'zitenje. A Elifala anati, "Ndi imvi zimenezo? Ukalimire apongozi ako ndi mimba imeneyo?" Koma palibe amene anawathandiza kuseka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti minda ya fodya ya mbumba amaiyendetsa ndi Rodrick.

Tsopano Luckness anapempha mawu.

"Amalume, simunamve zimene ndinalemba, munangomva zimene analemba ena. Ndiloleni ndikuwerengereni zonse m'Chichewa. Mukapeza pamene ndanamizira a Kalisto, kapena a Msokera, kapena mayi aja, simuvutika kutuma munthu. Ndinyamuka ndekha."

"Ndipo tikapeza kuti mwawachititsa manyazi?"

"Manyazi sindinalonjeze kuti mulibe. Ndanena za bodza lokha."

Anawerenga pomwepo, pa foni, chiganizo ndi chiganizo. Zinatenga nthawi, dzuwa linasuntha, ena anapita kukamwetsa mbuzi. A Elifala sanasunthe. Pamene anafika pa mawu akuti za zikhomo zinachokera kwa anthu awiri a banja limodzi, a Elifala anafunsa maina awo. Luckness anawatchula monga alembedwera m'buku.

"Aha. A kwa Mpanang'ombe. Amenewo anakangana ndi amalume za dimba zaka ndi zaka. Zimenezo mayi wanuyo analemba?"

"Sanalembe."

"Nanga inu?"

"Sindinkazidziwa."

"Simunkazidziwa chifukwa simunafunse. Mwayenda mpaka ku Zomba pa pepala, mwamva mzungu, mwamva a Mpanang'ombe, koma ine amene ndinaona amalume akumangidwa chingwe pansi pa mkuyu uja simunandifunse. Ndili pompano, ndimadya nanu."

Luckness anavomera kuti sanawafunse. Anati ntchito imeneyi inali yoyerekeza mabuku awiri, osati yofunsa anthu, koma za dimbazo zikanathandiza poyeza umboni wa mayi Chagomerana, ndipo akanakonda akanazidziwa. A Elifala anafunsanso kawiri ngati penapake walemba kuti a Kalisto anali wogulitsa anzake. Panalibe. Anaimirira, nakung'untha thalauza, nati mbiri ya pa chiliza awerenga okha, ndipo mkazi wa Rodrick asayandikire pamene pali chimkuzamawu. Za katundu sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Zotsatira zinabwera mu Julayi. Anakhoza, koma osati pamwamba. Mphunzitsi wake analemba kuti wafotokoza bwino nthawi imene aliyense analembera ndi kumene anatenga umboni, koma wawapanikiza kwambiri a Msokera kuposa mayi Chagomerana, ndipo anayenera kufunsa mafunso olimba mofanana kwa onse. Luckness anandiuza zimenezi yekha. Ndinakawauza a Elifala, ndipo anakondwa sabata yathunthu, akuuza anthu pa golosale kuti ngakhale yunivesite yaona.

Chiliza tinachivundukula mu Seputembala. Pamwala analembapo kuti a Kalisto anamenyera ufulu wa dziko lino. Luckness anabwera m'mawa ndi nkhuni zake, naphika ndi akazi anzake kuseri kwa nyumba, ndipo mbiri anaimvera ali komweko. A Elifala anawerenga za a Msokera zokhazokha, nawonjezerapo zawo. Ena anabwera kudzamufunsa Luckness monong'ona ngati zimene zikunenedwazo n'zoona. Anawauza kuti buku limodzi limatero, lina limanena zina, ndipo amene akufuna abwere kunyumba awawerengere onse awiri. Sananong'one poyankha.

Anthu atayamba kubalalika, a Elifala anamuitana. Ine ndinali pomwepo.

"Make Sharon, ku sukulu kwanuko mudzalembanso?"

"Chaka chomaliza timalemba kafukufuku wathuwathu. Pamenepo timaloledwa kufunsa anthu."

"Ndiye mudzabwere kwa ine. Ndidzakuuzani zonse, muzilembe momwe ndanenera, osachotsa."

"Ndidzabwera, ndipo sindidzachotsa liwu ndi limodzi lomwe. Koma ndidzalembanso kuti munali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kuti a Kalisto anali amalume anu, ndi kuti chiliza munamanga ndinu. Ndipo ndikachoka kwa inu ndidzapita kwa a Mpanang'ombe."

"Kukatani kwa afiti amenewo?"

"Kukamva za dimba."

A Elifala anandiyang'ana ine.

"Ukuona chimene unakatitengera ku Ntchisi?"

Ndinati ndikuona.

Luckness akadali kwa Kanyatula, m'nyumba yake yomweyo. A Elifala samudyera chakudya chake, koma akamadutsa pa njinga amamufunsa kuti chaka chomalizacho chifika liti, chifukwa iwo sakucheperachepera. Chifika mvula ikubwerayi ikatha. Anawalonjeza kuti adzayambira pakhomo pawo, ndipo ine ndamuuza kuti tsikulo andiitane, ndikakhale pambali ndimve ngati achimwene awonjezere.